Ululu wa pachifuwa: anjaina yokhazikika, yosakhazikika, kapena mnofu wa mtima wayamba kufa?

Matenda atatuwa gwero lake ndi limodzi, n'chifukwa chake amasokoneza. Mtima uli ndi mitsempha yakeyake yodyetsa mnofu wake, yotchedwa koronale, ndipo ikuluikuluyo kukula kwa bowo lake ndi mamilimita 3 kapena 4 basi. Munthu akakhala ndi shuga, bipi yokwera, mafuta ambiri m'magazi, kapena akamasuta fodya, m'khoma la mtsempha mumayamba kuunjikana mafuta n'kupanga chotupa chimene chimachepetsa njira ya magazi. Chimene chimasiyanitsa matenda atatuwa ndi khalidwe la chotupacho pa tsiku limene wodwala wafika: kaya changokhala phee, kaya chang'ambika, kaya chatsekeratu njira kwa nthawi yokwanira kupha mnofu.

Pali mafunso atatu, ndipo lililonse lili ndi chida chake choliyankha. Kusiyanitsa anjaina yokhazikika ndi zinazo ndi ntchito ya pakamwa, kufunsa wodwala bwinobwino. Kudziwa ngati mtsempha watsekeka wonse ndi ntchito ya makina a ECG, ojambula kagundidwe ka mtima. Kusiyanitsa anjaina yosakhazikika ndi kufa kwa mnofu ndi ntchito ya magazi, makamaka toroponini, puloteni imene imatayikira m'magazi mnofu wa mtima ukafa. Zolakwika zambiri zimayamba munthu akafunsa chida chimodzi funso la chinzake.

Ululu wodziwa nthawi yake

Ngakhale munthu atangokhala pampando, mnofu wa mtima umatenga kale pafupifupi magawo atatu mwa anayi a okosijeni wa m'magazi amene akuudutsa. Choncho ntchito ikakula, mtima sungathe kufinya okosijeni wina m'magazi omwewo. Njira yokhayo ndi yoti magazi odutsa achuluke. Chotupa chikatseka pafupifupi 70 pa 100 ya bowo la mtsempha, magazi amakwanira munthu akakhala pansi, koma sangachuluke akayamba kukwera chitunda. Mnofu umasowa mpweya, umamva kuwawa, munthu amaima, mtima umachepetsa liwiro, ululu n'kutha. Palibe chafa. Imeneyi ndiyo anjaina yokhazikika.

Ili ndi zizindikiro zitatu zimene zimayendera limodzi. Choyamba ndi malo ndi mtundu wa ululu: pakati pa chifuwa, kuseri kwa fupa, kolemera kapena kofinya, nthawi zina kofika ku nsagwada, kukhosi, paphewa kapena kutsika mkono, makamaka wamanzere. Chachiwiri, umabwera ndi ntchito, mkwiyo, chakudya chambiri kapena mphepo yozizira ya m'mawa wa Juni ndi Julayi. Chachitatu, umatha pasanathe mphindi 5 munthu akapuma kapena akaika piritsi la naitorogiliserini pansi pa lilime. Zonse zitatu zikapezeka, nkhani ndi yomveka. Zikapezeka ziwiri, tikayikirabe mtima. Chikapezeka chimodzi kapena osapezeka n'komwe, tiganizirenso zina.

Muziyang'ana manja a wodwala pamene akulongosola. Wa anjaina amaika chikhatho chonse kapena chibakera pakati pa chifuwa. Amene akuloza ndi nsonga ya chala chimodzi pansi pa bere, n'kunena kuti kukubaya kwa masekondi angapo, kapena kukuwawa akapuma mozama ndi akatembenuka, nthawi zambiri vuto lake lili m'nthiti, m'minofu kapena m'mapapo. Ambiri a anjaina amakananso mawu oti ululu. Mukawafunsa kuti kukupweteka, amati ayi, kukungolemera, kapena pamtima pakuthina, kapena mpweya ukuchepa. Mukalemba m'buku kuti palibe ululu wa pachifuwa chifukwa cha yankho limeneli, mwasochera pa khomo penipeni.

Mawu oti kukhazikika akunena za kusasintha. Ululu umabwera pa ntchito yomweyo, umakhala mphindi zomwezo, umatha m'njira yomweyo, kwa miyezi iwiri kapena kuposa. Wodwala amaudziwa bwino moti amatha kukuuzani mtengo kapena golosale imene amaimapo akamachokera kumsika. ECG ya munthu wotere atapuma nthawi zambiri imaoneka yabwinobwino, ndipo toroponini wake sakwera. Kumuyeza toroponini kuti mutsimikize anjaina yokhazikika n'kutaya ndalama: zotsatira zabwino sizikutsutsa matendawa, chifukwa palibe selo imene yafa.

Chotupa chikang'ambika

Chotupa cha mafutachi chili ndi kachikopa pamwamba. Kachikopako kakang'ambika kapena kusupuka, magazi amakumana ndi zam'kati mwake n'kuyamba kuundana pomwepo. Tsopano njira ya magazi sikudaliranso kuti munthu akugwira ntchito yanji. Magazi oundanawo amakula, amasungunuka pang'ono, amakulanso, ndipo tizidutswa tina timathothoka n'kukatseka timitsempha ta kutsogolo. Ndiye chifukwa chake ululu umabwera munthu ali gone, n'kupita wokha, n'kubweranso. Tidziwenso kuti chotupa chimene chimang'ambika nthawi zambiri si chachikulu chija. Chikhoza kukhala chimene chinatseka theka la njira kapena kuchepera, chimene sichinapwetekepo. Munthu akhoza kugwa ndi mtima asanamvepo anjaina chibadwire.

Anjaina yosakhazikika imaonekera m'njira zinayi. Pali ululu wobwera munthu atapuma, nthawi zambiri wopitirira mphindi 20. Pali ululu watsopano, wa mkati mwa miyezi iwiri yapitayi, umene ukumulepheretsa kale munthu kuyenda kamtunda kochepa kapena kukwera masitepe a nsanjika imodzi. Pali ululu wakale umene wasintha: ukubwera pafupipafupi, pa ntchito yochepa, ukuchedwa kutha, piritsi limodzi silikukwaniranso. Ndiye pali ululu wobwerera mkati mwa masabata awiri munthu atadwala kale kufa kwa mnofu wa mtima.

Njira yachitatuyo ndi imene imaphonyedwa kwambiri, chifukwa wodwalayo ali ndi buku lolembedwa kale kuti ndi wa anjaina, wabwera tsiku lake la kiliniki, ndipo pa mzere pali anthu ambiri. Funso loti mukumvabe ululu uja silithandiza, chifukwa yankho lake ndi eya mwezi uliwonse. Funso lothandiza ndi ili: “Bambo, poyerekeza ndi mwezi watha, pano mukumayenda mpaka pati musanaime?”

Mtsempha ukatsekeka wonse, maselo a mnofu amayamba kufa pakatha mphindi 20 mpaka 30, kuyambira mkati mwa khoma la mtima kupita kunja, ndipo pakatha maola 6 mpaka 12 gawo lalikulu la mnofu wodyetsedwa ndi mtsemphawo limakhala litapita. Ululu wake ndi wa mtundu womwe uja koma waukulu, wosamva kupuma, wosamva piritsi, wobwera ndi thukuta lozizira, nseru, kusanza, befu, ndi mantha amene wodwala amati akuona ngati akufa. Thukuta limeneli musalinyoze. Munthu wotuluka thukuta m'mawa wozizira ali chikhalire, atagwira pachifuwa, asayembekeze pa benchi.

Koma apa tinene mosabisa: ndi zizindikiro zokha simungasiyanitse anjaina yosakhazikika ndi kufa kwa mnofu kumene sikunakweze mzere wa ST pa ECG. Ululu waung'ono ukhoza kukhala ndi toroponini wokwera kwambiri, ululu woopsa n'kukhala ndi magazi abwinobwino. Pa ola loyamba odwala awiriwa timawatenga ngati mmodzi ndi kuwasamala mofanana.

Pali gulu limene ululu wake nthawi zina subwera pachifuwa n'komwe: a shuga ya zaka zambiri, okalamba, ndi amayi ambiri. Iwowa amabwera ndi befu, kufooka kwadzidzidzi, chizungulire, kusokonezeka mutu, kapena kuwotcha pamwamba pa mimba. Mnofu wa pansi pa mtima ukamafa, ululu umakonda kukhala cha pa chifu, ndi kusanza ndi mtima wogunda pang'onopang'ono. Munthu wotere n'chapafupi kumupatsa magineziyamu ndi omepurazo n'kumuuza kuti ndi zilonda za m'mimba. Ndipo kupeza bwino atamwa magineziyamu si umboni, popeza ululu wa chotupa chong'ambika umapita wokha n'kubwera. Chimodzimodzi naitorogiliserini: amathetsanso ululu wa kummero, kotero kumva bwino ndi piritsili sikukutsimikiza kuti ndi mtima. Munthu wa zaka zopitirira 40 wa shuga kapena bipi, amene akuti chilungulira chamuyamba mwadzidzidzi ndi thukuta, ajambulidwe ECG kaye.

ECG isanadutse mphindi 10

ECG ijambulidwe pasanathe mphindi 10 wodwala atafika, magazi asanapite n'komwe ku labu. Chimene tikufuna ndi kukwera kwa mzere wa ST ndi milimita imodzi kapena kuposa m'malidi awiri oyandikana, ndiye kuti mbali ziwiri zoyandikana zimene makinawo amaonera mtima. Pa malidi a V2 ndi V3 malire ndi okwererapo: mamilimita 2 kwa abambo a zaka 40 kupita m'tsogolo, 2.5 kwa abambo ocheperapo, ndi 1.5 kwa amayi. Zikapezeka pamodzi ndi ululu woyenera, imeneyo ndi STEMI, mtsempha watsekeka, ndipo palibe kudikira toroponini. Amene amadikira zotsatira za labu asanayambe chithandizo amakhala akudikira umboni wa mnofu umene akanaupulumutsa. Mankhwala osungunula magazi oundana monga sitireputokainezi amathandiza mkati mwa maola 12 ululu utayamba, ndipo phindu lake lalikulu lili m'maola awiri kapena atatu oyamba.

Mzere wa ST ukatsika, kapena mzere wa T ukatembenuka, kapena ECG ikaoneka yabwino, funso silinayankhidwe. ECG imodzi yabwino sichotsa chilichonse. Ibwerezedwe pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse ngati ululu ukadalipo, komanso nthawi iliyonse ukabwerera. ST wotsika pa V1 mpaka V3 akhoza kukhala chithunzi cha kufa kwa mnofu wa kumbuyo kwa mtima, ndipo kuika malidi kumsana, V7 mpaka V9, kumaonetsa zimenezi.

Toroponini ndi wotchi

Toroponini ndi puloteni ya mkati mwa maselo a mnofu, yothandiza kuti mnofu uzikokana. Mitundu iwiri, I ndi T, ili ndi mawonekedwe a mtima okha, ndiyo imene timayeza. Selo ikafa, khoma lake limabooka, toroponini n'kutayikira m'magazi. Kuyambira 2000, pamene mabungwe a madokotala a mtima a ku Ulaya ndi ku America anagwirizana tanthauzo latsopano, toroponini ndiye muyeso wa kufa kwa mnofu wa mtima. Tanthauzo la 2018 limati pakhale toroponini wokwera kapena wotsika pakati pa miyeso, umodzi mwa miyesoyo utapitirira malire a anthu abwinobwino, komanso pakhale umboni woti mnofu ukusowa magazi, monga ululu woyenera kapena kusintha kwa ECG. Malirewo amaikidwa pamene anthu athanzi 99 mwa 100 ali pansi pake.

Mfundo yaikulu ndi yoti toroponini samatuluka nthawi yomweyo. Ndi makina wamba, amayamba kuoneka pakatha maola 3 mpaka 6 ululu utayamba, amafika pachimake pakati pa maola 12 ndi 24 kapena kupitirirako pang'ono, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Wa I amakhala m'magazi masiku 7 mpaka 10, wa T mpaka masabata awiri. Nambala ya toroponini yopanda nthawi imene ululu unayamba ilibe tanthauzo. Wotchi imayambira pa ululu, osati pa geti la chipatala.

Zoyezera zili za mitundu itatu, ndipo muyenera kudziwa imene labu yanu ikugwiritsa ntchito. Pali kakaseti kodontheza magazi kamene kamangoonetsa mzere. Tambiri mwa timeneti timayamba kuona toroponini akafika cha pa 0.5 ng/mL, ndiye kuti 500 ng/L. Pali makina wamba opereka nambala, amene malire awo amakhala cha pa 0.04 ng/mL, malinga ndi kampani. Ndiye pali makina akuthwa kwambiri, olembedwa hs pa pepala la zotsatira, amene amawerenga mu ng/L. Pa hs ya toroponini T, malire odziwika ndi 14 ng/L. Taonani kusiyanako: munthu wa 200 ng/L ali ndi toroponini wokwera kuposa malire a hs maulendo oposa khumi, koma kakaseti kakhoza kumuonetsa kuti alibe kanthu. Muziyang'ananso mayunitsi, chifukwa 0.04 ng/mL ndi 40 ng/L ndi chinthu chimodzi. Ndipo nambala ya labu ina siyerekezedwa ndi ya labu ina. Wodwala akabwera ndi pepala lochokera ku chipatala cholipira, muyeso wanu woyamba ndi umene mwatenga inuyo.

Tiyeni titsate wodwala mmodzi

Tiyerekeze kalipentala wa ku Mchesi, wa zaka 58, wa shuga ndi bipi, amene anasiya fodya zaka zingapo zapitazo. Kwa miyezi isanu ndi itatu, akamakankha njinga yonyamula matabwa pa chitunda, amamva kulemera pachifuwa. Amaima mphindi zitatu, kumatha, amapitiriza. Mpaka apa ndi anjaina yokhazikika. Akanabwera nthawi imeneyo, ECG ndi toroponini zikanakhala zabwino, ndipo ntchito ikanakhala yomuyeza mulingo wa magazi, shuga, mafuta ndi impso, n'kumuyambitsa asipirini wa tsiku ndi tsiku, mankhwala otsitsa mafuta ndi ochepetsa liwiro la mtima.

M'masiku khumi apitawa, kulemerako kwayamba kubwera akungopala thabwa, kenako akusamba, ndipo usiku wina kunamudzutsa. Palibe chimene chasintha pa nkhope yake kapena pa makina a bipi, koma matenda asintha dzina. Ino ndi anjaina yosakhazikika, ndipo malo ake ndi ku wodi, osati ku kiliniki ya mwezi wamawa.

Lero ululu wamuyamba 5:30 m'mawa ali pabedi. Wafika kuchipatala 7 koloko, malaya atanyowa, atasanza kamodzi.

“Bambo, ululuwu wayamba nthawi yanji kwenikweni?”

“Kukungocha kumene, adokotala. Mayi akunyumba anali asanaike n'komwe madzi pamoto.”

“Ukumveka bwanji? Tandionetsani ndi dzanja.”

“Apa ponse. Ngati andisenzetsa thumba la simenti pachifuwa.”

ECG ya 7:08 ikuonetsa ST wotsika ndi milimita imodzi pa V4 mpaka V6, popanda kukwera paliponse. Bipi ndi 150/90 mikono yonse iwiri, okosijeni 96 pa 100. Magazi atengedwa 7:15, kakaseti kaonetsa mzere umodzi wokha, kutanthauza kuti sikanaone toroponini. Ululu wachepa ndi piritsi la pansi pa lilime, ndipo bamboyo akufuna kubwerera ku shedi chifukwa pali kasitomala akudikira kabati.

Apa ndi pamene anthu amatayika. Kuchokera 5:30 kufika 7:15 papita ola limodzi ndi mphindi 45 zokha. Kakaseti kapena makina wamba sangaone kanthu pa nthawi imeneyi ngakhale mnofu ukufa. Zotsatirazo sizikunena kuti mtima uli bwino, zikungonena kuti kudakali m'mawa. Bamboyu atafune asipirini wa 300 mg, agonekedwe, ayambe mankhwala ena oletsa magazi kuundana monga kolopidogirelo ndi hepalini malinga ndi ndondomeko ya chipatalacho, ECG ibwerezedwe, ndipo pa fomu palembedwe nthawi yotenganso magazi: 11:30, maola 6 ululu utayamba. Okosijeni sakufunika pa 96. Amaperekedwa akatsika pansi pa 90. Dayikolofenaki ndi anzake asaperekedwe, chifukwa amawonjezera ngozi pa mtima wotere.

Pa 11:30 pali njira ziwiri. Makina akapereka 0.9 ng/mL pamene malire ndi 0.04, toroponini wachoka pansi n'kukwera, ululu ulipo, ECG yasintha, zonse zakwana. Uku ndi kufa kwa mnofu wa mtima kopanda ST wokwera, kumene m'mafayilo timalemba NSTEMI. Koma akapezeka adakali pansi, timatenganso cha pa maola 12, 5:30 madzulo. Akakhalabe pansi, dzina lake ndi anjaina yosakhazikika. Dzinali si chikalata chotulukira. Chotupa chang'ambikabe, magazi oundana alipobe, ST inatsika, ndipo ngozi yoti mtsempha utsekeke wonse ndi yaikulu m'masiku ndi masabata oyambirira. Chithandizo cha masiku oyamba n'chofanana. Komanso ululu waukulu ukabweranso 2 koloko masana, wotchi iyambirenso pomwepo, ndi ECG yatsopano.

Pamene pali makina a hs, nkhani yomweyi imafupika. Ndondomeko ya ku Ulaya ya toroponini T imalola kutenga magazi pofika ndi pakatha ola limodzi. Woyamba akakhala 52 ng/L kapena kuposa, kapena akakwera ndi 5 kapena kuposa mu ola limenelo, wodwala amatengedwa kuti mnofu ukufa. Woyamba akakhala pansi pa 12 ndipo kusintha kwake sikunafike 3, mwayi wa kufa kwa mnofu ndi wochepa kwambiri. Muyeso umodzi wokha wa pansi pa 5 umakwanira pokhapokha ngati ululu unayamba maola oposa atatu apitawo. Kalipentala wathu akanapezeka ndi 11 pa 7:15 ndi 38 pa 8:15. Nambala yoyambayo ili pansi pa 14, koma kukwera ndi 27 mu ola limodzi kwanena zonse. Manambala amenewa ndi a makina a mtundu umenewo okha. Kuwagwiritsa ntchito pa makina ena, kapena kubwereza kakaseti pakatha ola limodzi n'kumati tatsata ndondomeko, n'kudzinamiza. Chifukwa cha makina akuthwawa, odwala ambiri amene kale ankatchedwa a anjaina yosakhazikika masiku ano amapezeka kuti ndi a NSTEMI. Kumene tikudalira kakaseti, tizikumbukira kuti ena mwa amene tawalemba anjaina yosakhazikika mnofu wawo wafa pang'ono, chida chathu ndiye sichinaone.

Kakaseti kali ndi misampha yakenso. Mzere wotuwa, ngakhale wooneka movutikira, ndi mzere. Mzere wa C, wotsimikiza kuti kakasetiko kagwira ntchito, ukapanda kutuluka, zotsatira zonse ndi zotaya. Kuwerenga nthawi yolembedwa pa pepala la m'bokosi itadutsa kumabweretsa mizere yabodza. Magazi amene maselo ake aphwanyika potenga, ooneka ofiira akalekanitsidwa, akhoza kusokoneza nambala, ndipo ndi bwino kutenganso.

Toroponini wokwera koma mtsempha uli bwino

Mbali iyi ndi yofunika kwambiri m'mawodi athu. Toroponini amanena kuti mnofu wa mtima wavulala, sanena chimene wauvulaza. Mtima wolephera kupopa chifukwa cha bipi ya zaka zambiri kapena mavavu owonongeka, mtima wofooka mayi atangobereka, kutupa kwa mnofu wa mtima kapena kwa thumba lake, kuphatikizapo kobwera ndi chifuwa chachikulu, magazi oundana m'mapapo, matenda olowa m'magazi, sitiroko ndi impso zofooka, zonsezi zimakweza toroponini.

Chosiyanitsa ndi kayendedwe ka nambala. Tengani mayi wa zaka 65 wa impso zofooka, wotupa miyendo, amene hs yake ndi 60, pakatha maola atatu 63, mawa lake 59. Zonse zili pamwamba pa 14, koma sizikusuntha. Uku ndi kuvulala kwa mtima kwa nthawi yaitali, osati chotupa chong'ambika. Muyeso woyamba ukakhala kale pamwamba pa malire, timafuna kusintha kopitirira 20 pa 100 tisananene kuti pali chatsopano. Kumupatsa mayiyu hepalini chifukwa cha nambala yokha n'kumuika pa ngozi yotaya magazi popanda phindu.

Palinso wodwala amene toroponini wake akukweradi, ali ndi ululu, ECG yasintha, koma chotupa sichinang'ambike. Magazi ake atsika kufika pa 4 g/dL chifukwa cha malungo kapena chilonda chotuluka magazi m'mimba, kapena mtima wake ukuthamanga 170 pa mphindi. Mnofu wafadi chifukwa chosowa okosijeni, ndipo mabuku amakutcha kufa kwa mnofu kwa mtundu wachiwiri. Mankhwala ake ndi kumuika magazi kapena kutsitsa liwiro la mtima. Asipirini ndi hepalini kwa munthu amene akutaya kale magazi m'mimba zikhoza kumutsiriza. Ndiye kutsegula chikope ndi kuyeza mulingo wa magazi kuzichitika limodzi ndi toroponini woyamba.

Ululu wong'amba wodzidzimutsa, wopita kumsana pakati pa mapewa, ndi bipi yosiyana kwambiri mikono iwiri, ukhoza kukhala kung'ambika kwa mtsempha waukulu wochoka mumtima. Nawonso umatha kukweza toroponini, ndipo mankhwala osungunula magazi pamenepo ndi imfa. Ululu wa thumba la mtima umakula munthu akagona chagada, umachepa akakhala tsonga n'kuwerama, ndipo ST imakwera pafupifupi malidi onse m'malo mwa gawo limodzi.

Zoyeza zakale

CK-MB, puloteni ina yotayikira m'magazi mnofu wa mtima ukafa, imakwera pakatha maola 4 mpaka 6, imafika pachimake cha pa maola 24, n'kubwerera pansi pakatha maola 48 mpaka 72. Si yakuthwa ngati toroponini, ndipo imakweranso minofu ya thupi ikavulala, monga munthu akamenyedwa kapena akagwa khunyu. Ubwino wake ndi kutsika msangako. Wodwala wa tsiku lachinayi mu wodi akamvanso ululu, toroponini wake amakhala adakali pamwamba kuchokera pa koyamba, koma CK-MB yokweranso imaloza kuvulala kwatsopano. Popanda CK-MB, tengani toroponini nthawi yomweyo ndi pakatha maola 3 mpaka 6, n'kufuna kukwera kwa 20 pa 100. Kwa munthu wochokera kumudzi amene akuti ululu waukulu unamugwira masiku asanu apitawo, zimatembenuka: CK-MB idzakhala yabwinobwino, toroponini ndiye adzaulula. AST ndi LDH zimakwera ndi matenda a chiwindi, malungo ndi kuphwanyika kwa maselo a magazi, kotero kuno sizingadaliridwe kutsimikiza kapena kutsutsa chilichonse cha mtima.

Pamene palibe ECG kapena toroponini

Pa chipatala chaching'ono cha m'dera, kaya ku Kawale, ku Eriya 25 kapena kunja kwa mzinda wa Lilongwe, funso loti ndi anjaina yosakhazikika kapena NSTEMI silifunika kuyankhidwa pomwepo. Chofunika ndi kudziwa kuti si yokhazikika. Ululu wa munthu atapuma, watsopano, kapena wosintha, upite ku chipatala chachikulu cha Kamuzu tsiku lomwelo, pa galimoto, wodwala asayende pansi kapena kupalasa njinga. Atafune asipirini wa 300 mg asananyamuke, pokhapokha ngati amamuwenga, akutaya magazi, kapena ululu wake ukuoneka wong'amba uja. Naitorogiliserini asaperekedwe ngati nambala ya pamwamba ya bipi ili pansi pa 90, kapena ngati bambo wamwa sildenafilo, mankhwala a mphamvu za kuchipinda aja, mkati mwa maola 24. Funso limeneli lifunsidwe motsitsa mawu, operekeza atatuluka panja, apo ayi yankho lidzakhala ayi.

Kwa amene ali kale ndi mapiritsi a pansi pa lilime kunyumba: khalani pansi, ikani limodzi, dikirani mphindi 5. Ululu ukapanda kuchepa kapena ukamakula, yambani kufuna galimoto nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

M'kalata yotumizira wodwala mulembedwe nthawi imene ululu unayamba, m'manambala, ndi nthawi imene unafika poipitsitsa ngati wakhala ukupita n'kubwera. Mulembedwenso nthawi ya asipirini ndi mulingo wake, bipi ya mikono yonse iwiri, ndipo ngati kakaseti kanayezedwa, nthawi yeniyeni imene magaziwo anatengedwa, kuti wolandira wodwala awerengere yekha ola lotenganso achiwiri.